Kasitomala akati mwadulitsa: zomwe ndimachita ndisanakhudze mtengo

Ndine kalipentala, ndimakhala ku Luchenza, ndipo ntchito yanga yeniyeni ndi yokhoma madenga. Ndimagwira kuno kwathu, ku Chonde, ku Thyolo Boma, nthawi zina mpaka ku Chitakale ndi ku Limbuli. Pa makotesheni amene ndimapereka, ndi ochepa kwambiri amene mwini nyumba amangoti chabwino, yambani. Ambiri amayang'ana pansi pa pepala pomwe pali chiwerengero chonse, n'kupumira m'mwamba, n'kunena kuti, "Aaa, amisiri, apa mwadulitsa." Ndikufuna ndifotokoze zomwe ndimachita akatero, chifukwa ndaona anzanga aluso kuposa ine akugwira ntchito chaka chonse koma osaona pomwe phindu lalowera.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene amandilimbitsa mtima ndikakhala pamaso pa kasitomala. Pa kotesheni ya denga, ndalama zambiri si za mmisiri. Ndi za malata, matabwa, misomali ndi galimoto yonyamula katunduyo. Wogulitsa malata ku Limbe satsitsa mtengo chifukwa choti ine ndamvera chisoni kasitomala wanga. Choncho ndalama iliyonse imene ndingachotse pa chiwerengero chonse popanda kusintha ntchito, imachoka pa kagawo kanga kokha.

Ndipereke chitsanzo cha nyumba ina ya kufupi ndi Chonde, ya mayi wina mphunzitsi wa pulayimale amene amuna ake ali ku Joni. Nyumbayo ndi ya mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ndipo ankafuna denga lotsetsereka mbali zonse zinayi, longa la nyumba zatsopano za m'tauni. Mitengo imene nditchule ndi ya nthawi imeneyo, musaitengere pa ntchito ya lero. Kotesheni yonse inakwana K4,600,000. Mwa ndalama zimenezi, K2,300,000 inali ya malata a geji 28, K950,000 ya matabwa, K350,000 ya misomali, waya, mariji ophimba pokumana malata pamwamba pa denga ndi mankhwala a chiswe, K200,000 ya galimoto yochokera ku Limbe, ndipo K800,000 inali ya ntchito. Pa ya ntchitoyo, anyamata atatu amene ndimagwira nawo amatenga K360,000. Yotsala kwa ine ndi K440,000, momwemonso muchoke ndalama yonoletsa masowo, ya maulendo anga ndi ya chilichonse chimene chingalakwike pakati pa ntchito.

Tsopano taganizani kuti mayiwo akuti, "Tsitsaniko pang'ono," ine n'kuyankha mwaulemu kuti ndachotsa 10 peresenti. Kwa iwo zimamveka ngati kanthu kochepa. Koma 10 peresenti ya K4,600,000 ndi K460,000, ndalama yoposa gawo langa lonse. Ndiye kuti ndikwera padenga, dzuwa lindiwotche, pamapeto pake ndiwonjezere K20,000 ya m'thumba mwanga. Mmisiri akazindikira zimenezi ntchito ili pakati, amayamba kufuna pobwezera: amatalikitsa mapalini okhomapo malata, amagula matabwa aawisi, amachepetsa misomali, kapena amasowa masabata awiri ali pa ganyu wina. Mikangano yambiri ya pakati pa amisiri ndi eni nyumba imene ndaiona inayambira pa tsiku la kotesheni, pamene munthu anavomera mtengo umene sungamalize ntchito.

Pali chinanso. Ukatsitsa nthawi yomweyo, kasitomala samva kuti wamuchitira chifundo. Amamva kuti mtengo woyamba unali wabodza, ndipo amadzifunsa kuti ngati K460,000 yachoka ndi mawu amodzi, yobisika ina ndi ingati. Pamsika wa Bvumbwe wogulitsa tomato amayamba ndi mtengo wokwera podziwa kuti munenerera, ndipo nonse awiri mumadziwa kuti ndi momwe malonda amayendera. Kotesheni yolembedwa ndi nkhani ina. Ngati ndawerengadi malata ndi matabwa, palibe mafuta owonjezera oti ndichotse.

Ndiye mayi aja atanena kuti ndadulitsa, sindinatsutse, komanso sindinayambe kudzitama kuti ntchito yanga ndi yapamwamba. Ndinavomera kuti ndi ndalama zambiri, chifukwa ndi zambiridi kwa munthu wolandira malipiro a mwezi. Kenako ndinafunsa kuti, "Mayi, kodi mwaona kuti zadula poyerekeza ndi mtengo wina umene mwapatsidwa, kapena poyerekeza ndi ndalama imene mwakonza?" Nditafunsa ndinakhala chete. Kukhala cheteko n'kovuta, pakamwa pamayabwa kuti unene kena kake, ndipo nthawi zambiri chimene chimatuluka ndi kuchotsera. Ndimangoyang'ana pepala kapena makoma a nyumba mpaka mwiniwake ayankhe.

Funso limeneli ndimalifunsa kwa aliyense, chifukwa anthu odandaula za mtengo sakhala ndi vuto limodzi. Wina ndalama zake n'zosakwanadi. Wina ali ndi pepala la mmisiri mnzanga m'thumba. Wina ndalama ali nazo koma sangagone tulo ngati sananenerere. Ndipo kuno kwathu kuli gulu lina lalikulu, la anthu amene akuyang'anira ntchito koma ndalama zikuchokera kwa wina, mwamuna kapena mchimwene ali ku Joni kapena ku Lilongwe. Munthu wotereyu nthawi zina savutika ndi mtengowo, koma akusowa chokamuuza wotumiza ndalamayo. Ukamuchotsera osadziwa vuto lake, mawa abweranso ndi mawu a ku foni oti zidakali zodula.

Mayiwo anali ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Mmisiri wina anawapatsa mtengo wa K3,500,000, ndipo amuna awo anali atanena kuti sangapitirire K3,900,000. Ndinapempha kuti ndione pepala la mnzangayo, ndipo anandionetsa pa foni. Panali mizere itatu yokha: malata, matabwa, leba. Panalibe geji ya malata, panalibe kukula kwa matabwa, panalibe za galimoto.

Apa pamafunika kusamala pakamwa. Sindinena kuti mnzanga ndi wakuba kapena sadziwa ntchito. Mwina ndi mmisiri wabwino amene wangowerengera zinthu zina, ndiponso tonse timakumana pa maliro ndi kutchalitchi. Ndinangowauza kuti, "Mayi, mitengo iwiriyi sitingaiyerekeze tisanadziwe ngati ikunena denga limodzi. Muwaimbire muwafunse zinthu zitatu: malata ndi a geji yanji, matabwa apakidwa mankhwala a chiswe kapena ayi, ndipo katundu afika bwanji pano." Anaimba ine ndili pomwepo. Malata anali a geji 32, za mankhwala panalibe, galimoto inali ya mwini nyumba.

Eni nyumba ambiri sadziwa kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala. Amaganiza kuti 32 ndi yolimba kuposa 28 chifukwa ndi nambala yaikulu. Ndimayenda ndi tizidutswa tiwiri ta malata m'chikwama cha zida, ka geji 28 ndi ka geji 32, ndipo ndimangompatsa munthu kuti apinde yekha ndi zala. Akapinda, sindifunikanso kulankhula zambiri. Ndimangowonjezera zomwe zimachitika padenga: lata lopyapyala limabonyoka munthu akaliponda, ndipo mphepo ikamalikoka, bowo la msomali limakula mpaka mutu wa msomali kudutsa. Kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje mvula ndi yambiri, kukabweranso chiperoni chinyontho chimakhala masiku angapo, ndiye lata lopyapyala dzimbiri silichedwa kuliboola. Anthu a kuno sufunika kuwakumbutsa za mphepo ndi mvula, Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 akumukumbukira bwino. Komabe sindimugwiritsa ntchito poopseza kasitomala. Ambiri anataya abale ndi nyumba, si nkhani yogulitsira malata.

Atamvetsa kuti mitengo iwiriyo ndi ya madenga awiri osiyana, vuto la K3,900,000 linali lidakalipo. Kufotokoza bwino sikuwonjezera ndalama m'thumba la munthu. Apa ndi pamene ndimatsata lamulo langa limodzi: mtengo ungathe kutsika, koma ndalama iliyonse ikachoka, pachokenso kanthu pa ntchito, ndipo kasitomala aone chimene chachoka. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala ndi pepala lija, n'kuyamba kuona mzere ndi mzere.

Chachikulu chinali kapangidwe ka denga lenilenilo. Denga lotsetsereka mbali zinayi limadya zinthu zambiri kuposa la mbali ziwiri ngakhale nyumba ikhale yomweyo. Malata a m'makona amadulidwa mopingasa ndipo zidutswa zambiri zimatayika. Mizere yofunika mariji imakhala isanu m'malo mwa umodzi. Matabwa a m'makona ndi ambiri, ndipo kuwadula kuti akumane bwino kumatenga nthawi. Ndinawerenga pomwepo kuti tikapanga la mbali ziwiri, malata atsika ndi K250,000, matabwa ndi K120,000, mariji ndi K50,000, ndipo ntchito yanga itsika ndi K150,000 chifukwa yachepadi. Zonse pamodzi K570,000, kotesheni n'kufika pa K4,030,000. Onani kuti leba yatsika, koma yatsika chifukwa masiku a padenga achepa, osati chifukwa ndadzidula ndekha.

Ndinawauzanso kuipa kwake, chifukwa ukabisa adzakutukwana pambuyo pake. Denga la mbali ziwiri limafuna kuti womanga akweze makoma a m'mbali awiri aja mpaka pansonga, ndipo njerwa, simenti ndi womangayo zimafuna ndalama ngati K150,000 imene sili pa pepala langa. Komanso denga la mbali zinayi limapirira mphepo bwino kuposa la mbali ziwiri. Ndinati tikasankha la mbali ziwiri, waya womangirira denga kukhoma sitichepetsa ngakhale pang'ono, ndipo malata a m'mphepete tiwakhoma misomali pafupipafupi. Nkhope yawo inagwa pang'ono, chifukwa denga la mbali zinayi ndi limene ankalilota. Sindinawakakamize. Ndinati asankhe okha pakati pa maonekedwe ndi kulowa m'nyumba mvula isanayambe.

Za galimoto anapeza njira ndi iwo eni. Mlamu wawo ali ndi lole imene imapita ku Limbe ndi katundu n'kubwera yopanda kanthu. Ndinachotsa K200,000 yonse, koma ndinalemba papepala kuti katundu akawonongeka panjira kapena akachedwa, mlandu si wanga, ndiponso kuti kogulako ndipita nawo. Kusankha matabwa sindisiyira munthu wina. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo likaumira padenga limapindika n'kumasula misomali. Lokhala ndi mfundo zazikulu pakati limathyoka pomwepo. Wogulitsa akaona kuti wabwera ndi munthu wosadziwa, amamusankhira omwewo.

Chomaliza chinali mafesha bodi, matabwa a m'mphepete aja amene amabisa nsonga za denga. Amakongoletsa nyumba komanso amateteza nsongazo, koma nyumba ingathe kukhala miyezi ingapo popanda iwo, bola nsonga zapakidwa mankhwala. Tinawaika pa gawo lachiwiri, lodzachita ndalama ikapezeka, ndipo K100,000 inachoka. Kotesheni yanga inafika pa K3,730,000. Kuphatikiza ya womanga makoma ija, zonse zinakwana K3,880,000, pansi pa malire a bambo a ku Joni. Geji ya malata sinasinthe, mpata wa pakati pa mapalini sunasinthe, mankhwala a chiswe sanachoke.

Zinthu zitatu zimenezi ndi zimene sindikhudza pa denga lililonse, ndipo ndi bwino mmisiri adziwiretu zake asanapite kwa kasitomala. Mwini nyumba akhoza kusankha malata opanda utoto m'malo mwa autoto, akhoza kuchedwetsa siling'i ndi mipaipi ya madzi a mvula, akhoza kudzipezera galimoto. Koma akati titalikitse mapalini kuti matabwa achepe, ndimakana, chifukwa denga likadzaphwasuka anthu sadzafunsa kuti anasankha ndani. Adzafunsa kuti anakhoma ndani.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinalemba mapepala awiri, la denga loyamba lija ndi la denga losinthidwa, lililonse ndi mizere yake yonse, n'kuwatumizira pa WhatsApp kuti apititse kwa amuna awo. Ndinapemphanso kuti bambowo andiimbire ngati ali ndi funso. Izi zimathandiza kwambiri. Munthu ali kutali amangomva chiwerengero, ndipo amakhala ndi mantha oti kumudzi akumudyera ndalama, mwinanso anadyeredwapo kale. Akaona kuti malata ndi 32, a mamita 4.8 lililonse, a geji 28, akhoza kuimbira yekha sitolo ya ku Limbe n'kufunsa mtengo. Anaimbadi, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti, "Achimwene, nanga pa leba simungatiganizireko?"

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, ndipo silindikwiyitsa. Kwathu kuno munthu akagula chinthu chachikulu osapatsidwa kalikonse, amaona ngati sanalemekezedwe. Ndinawayankha kuti, "Bambo, leba yatsika kale ndi K150,000 pamene tasintha denga. Yotsalayo ndi ya anyamata atatu ndi ine, ndikaidulanso ndiye kuti ndadula chakudya chawo. Koma ndaona kuti kakhitchini ka kuseri kakudontha. Zidutswa za malata zikatsala ndikakonza popanda kulipiritsa." Anaseka n'kuvomera. Basela wotere amanditengera maola ochepa ndi misomali ya m'manja, koma kwa mwini nyumba ndi chinthu chooneka, choti angaloze. Ndimaonetsetsa kuti baselayo ndamutchula dzina ndi malire ake. Ukangoti tidzakuthandizani zina ndi zina, udzapezeka ukukonza zitseko za nyumba yonse ndi khola la nkhuku lomwe.

Pali nthawi imodzi imene ndimatsitsadi leba ntchito isanachepe, ndiyo pamene kasitomala akundipatsa kanthu kosinthana nako. Akalipira ndalama yonse ya zipangizo tsiku limodzi, ndimagula katundu ulendo umodzi, ndipo anyamata sakhala pansi kudikira misomali. Akalola kuti ntchito igwiridwe mu Juni kapena Julaye, pamene anthu okhometsa madenga ali ochepa, m'malo mwa Okutobala ndi Novembala pamene aliyense akuthamangitsana ndi mvula, ndingathe kuchotsako pang'ono chifukwa masiku amenewo akanapita pachabe. Koma ndimanena poyera kuti ndachotsa chifukwa cha chakutichakuti, kuti mnansi wake akadzabwera mu Novembala asadzati nanenso mundichitire ngati uja.

Ena amati, "Ndigula ndekha zipangizo, inu mungotipatsa mtengo wa leba." Ndimavomera, ndi ufulu wawo. Ndimawapatsa mndandanda wa zofunika, geji ndi kukula kwa matabwa zolembedwa bwino, ndipo timagwirizana kuti zipangizo zikakhala zina osati zimene ndalemba, ndili ndi ufulu wokana kuzikhoma. Timagwirizananso za masiku odikira. Mwini nyumba wogula yekha amakonda kugula pang'onopang'ono, lero matabwa theka, sabata yamawa misomali, ndipo anyamata anga amafuna malipiro ngakhale tsiku limene akhala pamthunzi. Chifukwa cha ichi leba ya ntchito yotere siitsika, nthawi zina imakwera.

Sikuti onse amavomera. Bambo wina wa ku Thyolo, wopuma ntchito ku esiteti ya tiyi, anamvetsera zonse, anapinda tizidutswa ta malata tija, koma anati iye akufuna denga lomwelo, malata omwewo, pa mtengo wa mnzanga. Ndinawauza mwaulemu kuti pa mtengo umenewo sindingathe kumaliza ntchito yoti ndiikepo dzina langa, ndipo ngati mnzangayo angathe, amupatse. Ndinawasiyira pepala langa kuti aziyerekezera zipangizo zikamabwera. Tinasiyana bwino, ndipo tikakumana timapatsana moni. Kutaya ntchito kumawawa, makamaka mwezi umene fizi ya ana ikudikira, sindinama. Chimene chimandithandiza n'kukumbukira kuti ntchito yopanda phindu imatsekanso masabata amene ndikanagwira ina.

Ena amapita n'kubwerera patapita mwezi kapena iwiri, pepala lija lili m'manja, akuti tsopano takonzeka. Pansi pa kotesheni iliyonse ndimalemba tsiku, ndi mawu oti mitengo ya zipangizo igwira ntchito kwa masiku 7 okha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya malata ndi misomali inasintha m'masitolo anthu mapepala akale ali m'manja. Choncho wobwererayo ndimamulandira bwino, sindimukumbutsa kuti anandikana, koma ndisanavomere chilichonse ndimaimba kaye ku Limbe kufunsa mtengo wa lata wa tsiku limenelo. Ndikapeza kuti wakwera, ndimasintha mzere wa malata wokhawo iye akuona, leba n'kuisiya pomwe inali, kenako tonse awiri timasaina pepala latsopano ndalama ya zipangizo isanatumizidwe pa Airtel Money kapena pa Mpamba.